Zotsatira pa Nissan Note yanga yomwe inkanjenjemera

“Chiisinthitsire mafuta a giyabokosi, Nissan Note yanga ikumanjenjemera ponyamuka, ndipo pokwera mtunda injini imangolira koma liwiro osawonjezeka. Vuto n’chiyani?” Ndinafunsa choncho mwezi watha.

Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndinatsata malangizo a inu amene munati ndikaone chigubu chimene makaniko anathira. Chinalembedwa `Dexron III`, pomwe buku la galimotoyo limafuna `NS-3`.

Giyabokosi imeneyi siili ngati otomatiki wamba. Mphamvu imadutsa pa lamba wachitsulo wopanikizidwa pakati pa mapule awiri, omwe ndi mawilo oyendetsa lambayo, choncho mafuta ake amayenera kuthandiza chitsulo kugwira chitsulo chinzake. Ndi mafuta olakwika lambayo amatereleka, amatentha, n’kumapala mapulewo.

Tinakhetsa ndi kuthira oyenera katatu, chifukwa kukhetsa kamodzi sikuchotsa onse. Pansi pa giyabokosi, maginito anali atadzaza tizitsulo tonyezimira, ndipo mtima unandiwawa nditationa. Kunjenjemera kunachepa koma sikunathe. Ndinali nditayenda kale milungu itatu, mapule anali atakandika, moti ndagula giyabokosi ina yakale.

Maonekedwe a mafuta musawadalire, opanga amawapaka mitundu yosiyanasiyana. Werengani nokha dzina pachigubu asanathire, ndipo galimoto ikayamba kunjenjemera muiimike tsiku lomwelo.