Buledi wa ku Soweto Market ku Lusaka: mtengo watsika, phindu litani?

"Amalume, mwezi watha munandionetsa kawerengedwe ka phindu la K6,000. Tsopano anzanga atsitsa mtengo, ndikufuna kugulitsa buledi K18 m'malo mwa K20. Zisintha bwanji?"

Mphwanga, tibwerere pamene tinasiyira. Buledi mmodzi umamuonongera K14 pa ufa, mafuta ndi pepala, ndiye pa K20 pamatsala K6, kapena kuti 30 peresenti ya mtengo. Lendi ndi malipiro a wantchito ndi K9,000 pamwezi, ugulitse usagulitse. Kuphatikiza ndi phindu la K6,000 ulifuna lija, zonse ndi K15,000. Ukagawa ndi 0.30, uyenera kugulitsa za K50,000, buledi 2,500.

Pa K18 ufa sutsika mtengo ayi, K14 ija ili pomwepo. Zotsala ndi K4 basi, pafupifupi 22 peresenti. K15,000 yomweyo tsopano ifuna buledi 3,750, malonda a K67,500. Mtengo wautsitsa ndi 10 peresenti yokha, koma uyenera kuonjezera buledi ndi theka lathunthu, chifukwa K2 yonseyo yachoka pa K6 ija, osati pa K14 umaonongayo.

Chondidetsa nkhawa nchakuti makasitomala akangoonjezeka pang'ono, tinene ufike 3,000, upeza K12,000, kuchotsa K9,000, phindu K3,000. Ndalama mthumba zioneka zambiri masana pamene phindu latsika pakati. Komanso uvuni wako ukalephera kuphika 3,750 ndipo walemba wantchito wina, K9,000 ija ikwera, uwerengenso zonse.

Ine ndikadakhala pa K20, pokhapokha utatsimikiza kuti ogula 1,250 oonjezerawo alipodi.