Kalata yoitanira anthu ku intavyu: mayina a panelo tilembe kapena ayi?

NaBanda
Akuluakulu ndithandizeni, mutu wandiimatu. Tikulemba wothandizira akauntanti, pa shotilisiti pali anthu 6, intavyu Lachinayi likubwerali, lero Lolemba ndipo makalata sanatuluke. Bwana akuti m'kalatamo ndilembe mayina a onse okhala pa panelo, a zachuma akuti ayi asatchulidwe. Pali mayeso a Excel mphindi 45 kenako panelo mphindi 30, malaputopu alipo awiri okha. Bwana omwewo akuti ndingolemba kuti onse afike 8 koloko. Wina akuchokera ku Karonga. Za mapepala ndilembe kuti abweretse enieni kapena mafotokope odinditsa? Amene ali ndi kalata yakale anditumizire chonde, ndikufuna zituluke isanakwane 4.

aChisale
Mayina musalembe. Malawi ndi wamng'ono uyu. Kalata ituluka lero, pofika mawa madzulo aliyense wa pa panelo akhala atalandira foni kuchokera kwa amalume a winawake, kwa abusa, kwa mnzake wa ku sekondale. Ine ndinaonapo mayi wina wa pa panelo atapeza thumba la mpunga pakhonde usiku woti mawa intavyu. Analibweza inde, koma munthu uja atakhoza mwa nzeru zake palibe anakhulupirira.

Kalaliki Wamng'ono
Asisi musaiwale kulembamo malipiro ndi miyezi ya pulobeshoni, komanso tsiku loyamba ntchito. Kwathu wina anatisumira chifukwa cha zimenezo.

NaBanda
Achimwene imeneyo ndi kalata yopatsa munthu ntchito, ine ndikunena yoitanira intavyu. Sitinafike uko.

Gogo wa Kaundula
Mwanangu, za mayina zisiyeni kaye, vuto lanu lalikulu ndi 8 koloko ija. Panelo ikatenga mphindi 30, onjezani 10 zoti agwirizane mamalikisi munthu atatuluka, ndiye aliyense akudya mphindi 40. Anthu 6 ndi maola anayi osawerengera tiyi. Mukawaitana onse 8 koloko, womaliza akhala pabenchi mpaka nkhomaliro itapitirira, alowa ali ndi njala, panelo nayo itatopa, ndipo mudzati sadziwa ntchito.

Aliyense mumpatse nthawi yake. Afike ola limodzi asanalowe ku panelo: mphindi 15 zoona mapepala, 45 za mayeso. Woyamba afike 8:00 alowe 9:00, wachiwiri 8:40 alowe 9:40, wachitatu 9:20 alowe 10:20. Panelo ipume 11:00 mpaka 11:15. Otsalawo afike 10:15, 10:55 ndi 11:35, ndipo womaliza alowa 12:35, zonse zatha cha m'ma 1:15. Mukatero palibe nthawi imene anthu atatu akufuna malaputopu nthawi imodzi, awiri anuwo akwana. M'kalata ya aliyense mulembe nthawi yake yofikira yokha, ndipo mumuuze kuti zonse zitenga pafupifupi ola ndi theka koma akonzekere maola awiri. Munthu amene akugwira ntchito kwina amafuna kudziwa kuti apemphe theka la tsiku kapena tsiku lonse.

Mayeso muwatchule poyera: kuti ndi a pa kompyuta, pa Excel, mphindi 45, makina ndi a ofesi, kakyuleta abweretse kapena ayi. Osamudzidzimutsa munthu pakhomo. Mafunso simukumuuza, mukungomuuza mtundu wa zimene akumane nazo.

Mjomba wa ku Mangochi
Agogo ndondomeko yanuyo ndi yabwino papepala koma ili ndi bowo. Woyamba atuluka 9:30, womaliza afika 11:35. Maola awiri amenewo mafunso afika kale pa WhatsApp. Ana a maakaunti amadziwana, ambiri anakhala kalasi imodzi polemba mayeso a ICAM. Ife timalembetsa onse pamodzi m'mawa, kenako panelo. Adikire basi, ntchito akuifuna ndi iwowo.

Gogo wa Kaundula
Pamodzi ndi malaputopu awiri, a Mjomba? Ndipo munthu akupikisana ndi mnzake pa mpando umodzi, amuuziranji mafunso? Zimachitika koma si kawirikawiri. Ngati mukuopa, sinthani manambala mu fayilo ya gulu la pambuyo pa tiyi, funso likhale lomwelo. Chinanso, kuwakhazika pamodzi kuli ndi vuto lake. Ena amabwera mozemba kuntchito kwawo, ndiye akapezane pabenchi ndi mnzawo wa ofesi imodzi.

Mjomba wa ku Mangochi
Malaputopu amabwerekeka. Ine sindikusintha.

aChisale
Zonsezi ndi zabwino koma ndikubwereza, mayina ayi. Bwanayo mumuuze kuti akalemba dzina lake azimitse foni mpaka Lachisanu.

Mayi a Mapasa
A Chisale, bwanayo sakulakwitsa kotheratu. Pali chifukwa chake anthu amatchulira panelo. Ngati wina pa panelo ndi mlamu wa woyesedwa, kapena anakanganapo naye kuntchito yakale, ndi bwino zidziwike tsiku lisanafike. Kwathu zinatulukira munthu atalowa kale m'chipinda, wapampando n'kupeza kuti ndi mwana wa achemwali ake. Anatuluka, panelo inatsala ya anthu awiri, ndipo mamalikisi a munthu ameneyo sakanafananizidwa ndi a anzake. Odita atabwera anafunsa, tinavutika kufotokoza.

Ine ndimalemba maudindo okha: mkulu wa zachuma, woyang'anira antchito, mkulu wa mapulogalamu, ndi mmodzi wochokera ku bodi. Woyesedwa amadziwa kuti akumana ndi anthu anayi komanso mbali imene mafunso achokere. Za ubale ndimazigwira mbali inayo. A panelo ndimawapatsa mayina a shotilisiti msanga, aliyense asaine fomu yoti alibe ubale kapena chidani ndi aliyense mwa iwo.

aChisale
Udindo ndi dzina lomwe, amayi. Mkulu wa zachuma pabungwe alipo mmodzi, chithunzi chake chili pa webusaiti. Lembani "mudzakumana ndi panelo" basi.

Mayi a Mapasa
Ndiye amene akufuna kumusaka amupeza ngakhale musalembe kanthu. Ndani sadziwa kuti pa intavyu ya akauntanti pamakhala mkulu wa zachuma? Komanso kulemba maudindo kumakupulumutsani wina akadwala m'mawa, womutsatira amangokhalapo, kalata sinaname.

NaBanda
Chabwino maudindo ndamva, ndiyesa kuwanyengerera bwana. Nanga mapepala? Nthawi ikutha abale.

Gogo wa Kaundula
Enieni pamodzi ndi fotokope imodzi ya lililonse. Inu muona lenileni, mufananiza ndi fotokope, mulemba pafotokopepo kuti mwaona lenileni, tsiku ndi saini yanu, n'kumubwezera mwini wake pomwepo. Satifiketi ya munthu isagone mu kabati yanu. Ikasowa mulibe poigula, a MANEB amangopereka chikalata chochitira umboni kuti munthu anakhoza, ndipo mwini wake sadzakukhululukirani.

Zodinditsa kwa loya kapena kwa majisitireti ine sindiziona phindu ngati lenileni lili patebulo. Mukungomuonongetsa ndalama ndi tsiku munthu amene mwina sali pantchito. Chidindo chimathandiza pamene lenileni simuliona, monga wa pa Zoom.

Ndipo tchulani mapepalawo limodzi ndi limodzi, osangoti "mapepala onse oyenera". Chiphaso cha unzika kapena pasipoti, satifiketi ya MSCE, dipuloma kapena digiri pamodzi ndi thiransikiripiti yake, pepala la ICAM ngati munalitchula polengeza ntchito, ndi manambala a foni a anthu omuchitira umboni amene akugwira panopa. Musafune chimene sichinali m'chilengezo. Onjezaninso mzere umodzi woti ngati dzina la pa satifiketi likusiyana ndi la pa chiphaso, abweretse umboni wake, kaya mtchatho kaya pepala la lumbiro. Amayi ambiri MSCE ili m'dzina la kwawo, chiphaso m'dzina la kubanja, ndipo mphindi 15 zija zimathera pamenepo.

Kalaliki Wamng'ono
Nanga kalata ya kupolisi ya zala ija? Pa ntchito ya ndalama ndi yofunika. Ndi peyisilipi ya kumene akuchokera.

Mayi a Mapasa
Ya kupolisi m'masiku atatu aipeza kuti? Imeneyo muitanitse kwa amene mwamusankha yekha, asanasaine kontirakiti. Peyisilipi ine ndimakana, ntchito ili ndi giredi yake, malipiro akale a munthu akukhudzani bwanji.

Koma NaBanda, wa ku Karonga uja mwamuganizira? Kalata ifika lero madzulo, mawa apemphe tchuthi ndi kusaka ndalama, Lachitatu tsiku lonse ali m'basi, agone ku Lilongwe. Masiku atatu ndi ochepa, ambiri timapereka sabata. Ngati tsiku silisuntha, muimbireni foni pompano kalata isanapite, ndipo mumpatse nthawi ya 11:35 ija. Kalata inene mosabisa ngati mubweza thiransipoti ndi malo ogona kapena ayi, ngati mubweza ndi ya basi yokha komanso asunge malisiti. Kukhala chete pa nkhani imeneyi ndi kumene kumabweretsa munthu pawindo la kashiya ali ndi lisiti ya loji.

Mjomba wa ku Mangochi
Mpatseni Zoom ameneyo. Koma ife tinayesa ndi wa ku Chitipa, netiweki inaduka katatu, magetsi kwathu n'kuzima, jenereta ilibe dizilo. Tinamaliza pa foni wamba titaika pa sipika, ndipo mayeso a Excel sanalembe n'komwe. Mpaka lero sindidziwa ngati tinamuchitira chilungamo.

aChisale
Pa Zoom ndiye mayina amaonekeratu pansi pa nkhope. Mwaona?

Mayi a Mapasa
Nthawi imeneyo intavyu yayamba kale bambo, mpunga aupereka bwanji?

NaBanda, zina ziwiri musanatumize. Imelo aliyense yakeyake, osaunjika onse pa To kapena Cc, chifukwa pamenepo mwaulula shotilisiti yonse, ndipo nthawi zawo n'zosiyana kale. Kalata ikhale PDF yokhala ndi chizindikiro cha bungwe ndi saini, ichokere pa imelo ya ofesi, ndipo mulembemo kuti palibe ndalama iliyonse yolipira. Akuba achuluka oitanira anthu ku intavyu zabodza n'kumati tumizani ya fomu pa foni, moti ena akalandira uthenga wochokera pa nambala yachilendo sabwera. Muikenso tsiku ndi ola loti atsimikize kuti abwera, tinene mawa 12 koloko, ndi nambala yanu, kuti wina akakana muitane wotsatira pa mndandanda. Ofesi yanu ili pamwamba? Funsani ngati pali wofuna thandizo lapadera, masitepe aja si onse angakwere.

Gogo wa Kaundula
Malo afotokozeni ngati mukuuza mlendo, eriya, nyumba, chipinda, ndi kuti pageti akanene kuti akufuna ndani. Alonda muwapatse mayina 6 aja Lachitatu madzulo.

Kalaliki Wamng'ono
Pepani kupatutsa, alipo amene ali ndi fomu yosainira za ubale ija a Mayi a Mapasa anena? Ife tili ndi intavyu ya madalaivala sabata ya mawa ndipo theka la ofunsira ndi a mudzi umodzi ndi kapitawo wa galaja.

aChisale
Kapitawoyo asakhale pa panelo. Ndipo dzina lake musalembe.