Batire lagona pa miyezi inayi yokha, kodi anandigulitsa lakufa kale?

Membala wobisa dzina: Abale anga pagulu pano, ndithandizeni maganizo, mutu waima. Ndimakhala ku Area 36 m'nyumba ya lendi yopanda magetsi. Eni nyumba chaka chino ndi chachitatu akungoti "mawaya akubwera", koma lendi ndiye akweza kawiri. Mu Juni ndinatenga ngongole ku banki mkhonde kuti ndiike sola, mwana wa Fomu 4 aziwerengako usiku, makandulo anali atandimaliza. Ndalama ndinapatsa alamu anga chifukwa bambo a kunyumba ali ku Joni, ndipo mpaka lero risiti sindinaione, ndikafunsa akuti ndikuwayesa akuba. Masiku oyamba zonse zinali bwino, TV mpaka 11 koloko. Pano inveta imayamba kulira 7 koloko isanakwane, nkhani za pa TV osamaliza. Dzuwa la Okutobala lino likuotcha chonchi, ndiye batire lingalephere kudzaza? Kushopu akuti palibe chobweza. Ngongole ndikubwezabe. Nditani ine?

Mayi a mapasa: Ndalama yangongole kupatsa alamu? Achemwali, pamenepo mpamene munalakwa. Ine anga anadya ya malata mpaka lero sitipatsana moni.

Makaniko wa ku Biwi: Batire ndi batire basi! Zaka zanga zonse ndakhala ndikugwira mabatire a ma minibasi ndi malole, palibe chachilendo apa. Akugulitsani lotha, analipukuta n'kumata pepala latsopano. Bwerani nalo tilione.

Wakabaza wa ku Mchesi: Langa la njinga limateronso kukazizira m'mawa. Ndimangoikankha mpaka yalira. Yesani kupala mitu ya batire ndi sandipepa.

Mlongo woika sola: Mayi, mwatiuza za eni nyumba ndi za alamu, koma chachikulu simunanene. Pabatirepo palembedwa chiyani? Panelo ndi ya mawati angati, nanga usiku mumayatsa chiyani kwa maola angati?

Membala wobisa dzina: Pepani. Palembedwa N100, 12V 100Ah, pansi pali CCA ndi manambala ena. Alamu anati anagula kushopu ya masipeyala a galimoto, akuti ndi lamphamvu poti limalizitsa lole. Panelo ndi ya mawati 100. Timayatsa TV, dikoda ndi mababu anayi kuyambira 6 mpaka inveta italira.

Mlongo woika sola: Ndiye vuto laoneka. Mwina silinali lakufa ayi, koma ndi batire la galimoto, ndipo mwaligwiritsa ntchito yomwe silinapangidwire. CCA imene mwaonayo ndi muyeso wa mphamvu yolizira injini. Batire lopangidwira sola kawirikawiri silidzitama ndi CCA, limalembedwa kuti ndi la dipu saiko, kutanthauza lopirira kutsitsidwa kwambiri, ndipo pambali pa Ah, muyeso wa magetsi amene batire limasunga, pamakhala C20 kapena C10.

Makaniko wa ku Biwi: Zayambika. Anthu a sola mumafuna aliyense agule zodula zanuzo. 12V ndi 12V, 100Ah ndi 100Ah. Ine mabatire ndawaswa ambirimbiri, m'kati monse ndi mtovu ndi asidi, zipinda 6, chilichonse mavoti awiri ndi pang'ono. Kodi mu la solalo muli golide?

Mlongo woika sola: Achimwene, zipinda 6 mwalondola, mtovu ndi asidi mwalondolanso. Poti mwawaswa, tiuzeni nokha mapuleti a N100 amaoneka bwanji.

Makaniko wa ku Biwi: Ndi opyapyala, othithikana ambiri m'chipinda chimodzi ngati masamba a buku. Ena ofiirira ngati khofi, ena otuwa. Ukagwira lakale limangonyenyeka m'manja ngati bisiketi yonyowa. Nanga zimenezo zikusintha chiyani?

Mlongo woika sola: Zikusintha zonse. Puleti lililonse ndi kasefa ka mtovu komatidwa phala, ndipo phala limenelo ndi limene limagwirana ndi asidi n'kutulutsa magetsi. Sitata ya galimoto imafuna maampu mazanamazana nthawi imodzi, koma kwa masekondi awiri kapena atatu okha. Kuti batire lipereke ambiri choncho, asidi ayenera kukhudza phala pamalo aakulu kwambiri, ndiye opanga amaika mapuleti ambiri opyapyala, phala lake lofewa lokhala ndi timabowo ngati siponji. Injini ikalira, batire langotaya kagawo kakang'ono, mwina magawo osaposa 5 pa 100, ndipo oteneta, imene imatchaja batire injini ikamalira, imabwezeretsa pomwepo. Moyo wake wonse limakhala lodzaza.

Tsono batire likamatsika, phala lija limasanduka mchere woyera wotchedwa safeti n'kufufuma, likamatchajidwa limabwerera. Likatsika pang'ono, kufufumako n'kochepa. Likatsika mpaka pansi usiku uliwonse, puleti lopyapyala limafufuma ndi kuphwa, kufufuma ndi kuphwa, phala n'kuyamba kuyoyoka kugwera pansi pa chipinda. Loyoyokalo silibwereranso, ndiye 100Ah ija imasanduka 70, kenako 40, kenako zimene mayiwa akuonazi.

La dipu saiko mapuleti ake ndi ochepa koma okhuthala, phala lolimba lothinana. M'mabatire ena amadzi aataliatali phala la mbali ya pozitivu limakhala m'timachubu kuti lisayoyoke. Lotero silithamanga kupereka maampu ambiri nthawi imodzi, koma limapirira kutsitsidwa mpaka theka n'kudzazidwanso maulendo mazana angapo. La galimoto mukalitsitsa choncho, pa maulendo makumi angapo kapena zana ndi pang'ono latha.

Bambo a Area 25: Nonsenu mukukangana za zinthu zakale. Gulani batire la lifiyamu basi. Ine ndinaika chaka chatha, sindithira madzi, sindinunkhiza asidi, ndimalitsitsa pafupifupi lonse.

Mayi a mapasa: Munthu akulira ngongole ya banki mkhonde inu mukuti lifiyamu? Mumugulira ndinu?

Makaniko wa ku Biwi: Nkhani yoyoyokayo ndikuidziwa, matope akudawo ndimawapeza pansi. Koma kumudzi kwathu ku Mitundu anthu akhala akuonera mpira ndi mabatire a galimoto kuyambira kalekale. Malume anga N70 yawo inatha zaka ziwiri. Ndiye musamanene ngati sizitheka. Mayi, khuthulani asidi yense, mutsuke, muthire watsopano, lidzuka limenelo.

Mlongo woika sola: Chonde musakhuthule. Asidi watsopano sabwezeretsa phala lomwe lagwa, ndipo pogwedeza matope aja amakalowa pakati pa mapuleti n'kuwagunditsa. Asidiyo amaotchanso khungu ndi maso. M'batire timangothira madzi a batire, osati apampopi, mpaka aphimbe mapuleti.

Za malume anu ndikukhulupirira, koma mwina ankayatsa wailesi ndi babu limodzi. Tiyeni tiwerenge za mayiwa. Tiyerekeze TV mawati 60, dikoda 20, mababu anayi a mawati 10 ndi 40. Pamodzi 120. Tikagawa ndi mavoti 12 tipeza maampu 10, inveta nayo imadyako, tinene 12. Kuyambira 6 mpaka 11 ndi maola 5, ndiye 60Ah usiku umodzi. Pa batire la 100Ah apyola kale theka tsiku loyamba lomwe. Panelo ya mawati 100 imapereka maampu 5 kapena 6 dzuwa likakhala pamutu, pa tsiku imabweza pakati pa 25 ndi 30Ah. Akutapa 60, akubweza 30. Pofika tsiku lachitatu batire lili pansi, ndipo kuchokera pamenepo silinadzazekonso. Inveta zambiri zimalira cha m'ma 10.5V, pamene batire latheratu, osati pa theka. Batire lokhalitsa losadzaza safeti uja amauma pamapuleti n'kukana kusungunuka. Ndiye laphedwa mbali ziwiri.

Mphunzitsi wopuma: Ine ndinagula lolembedwa bwinobwino kuti ndi la sola, pepala lokongola la dzuwa, koma linafa pa miyezi 7. Ndiye za mapuleti okhuthalazo ine sindizikhulupirira kwenikweni.

Makaniko wa ku Biwi: Mwamva? Mwamva aphunzitsi? Ndimanena ine! Mapepala amenewo amamata m'tauni momwemuno.

Mlongo woika sola: Pamenepo tikugwirizana, pepala aliyense angamate. Puleti lokhuthala ndi mtovu wambiri, ndipo mtovu subisika pa sikelo. La dipu saiko la 100Ah limalemera cha m'ma makilogalamu 30. Mukalinyamula ndi dzanja limodzi mosavutika, kayikirani. Komanso aphunzitsi, ngakhale lenileni limafa msanga ngati panelo ndi yaing'ono ndipo mukudikira inveta ilire. Kukhuthala kwa mapuleti kumateteza kuyoyoka, sikuteteza njala.

Mphunzitsi wopuma: Panelo yanga inali ya mawati 80, ndipo ndinkalumikizako kafiriji. Mwina ndiye chimenecho.

Mnyamata wa ku Kawale: Kafiriji pa mawati 80, aphunzitsi, batirelo linakulemekezani pofika miyezi 7.

Membala wobisa dzina: Ndiye langali lingadzuke? Ndatsegula zitsekerero, m'zipinda ziwiri madzi ake ndi akuda ngati tiyi wopanda mkaka, kwinako ndi oyera.

Mlongo woika sola: Madzi akudawo ndi phala la mapuleti ofiirira aja, chizindikiro choipa. Komabe yesani izi musanataye. Lichotseni pa inveta, mukalitchajitse pa chaja ya magetsi ya maampu ngati 10 mpaka lidzaze, pamalo opita mphepo, kutali ndi moto ndi fodya. Likapuma usiku wonse osalumikiza kanthu, muliyeze ndi mita. Likaonetsa 12.6V kapena 12.7V ladzaza. Likaima cha m'ma 10.5V ndiye kuti chipinda chimodzi chagunda, palibe mankhwala. Likaonetsa 12.6V koma n'kugwa msanga mutayatsa TV yokha, phala latsala lochepa, muzingoyatsira mababu awiri mwana aziwerenga. Pa batire lililonse la mtovu, mita ikamaonetsa 12.1V kapena 12.2V litapuma, mwafika theka, zimitsani.

Makaniko wa ku Biwi: Ine ndikuti agule N200 ya lole. Lalikulu silitsika kwambiri, ndipo likafa amagula anthu a zitsulo. Nanga la solalo lingalize lole yanga m'mawa wa Juni?

Mlongo woika sola: Mwina lingalize kagalimoto kakang'ono, koma pa lole lidzavutika, si ntchito yake. N200 ingakhalitseko kuposa N100 chifukwa 60Ah pa 200 ndi gawo lochepa, koma mapuleti ake ndi opyapyala omwewo, ndipo panelo ya mawati 100 singaidzaze. Kuti aziyatsa zonse zija maola 5 pafunika dipu saiko ya 150Ah ndi mapanelo okwana mawati ngati 300, ndi kontirola pakati.

Makaniko wa ku Biwi: Mawati 300! Ndalama zake azitenga kuti? Muzinena zoti munthu angakwanitse.

Mayi a mapasa: Akazitenge kwa alamu.

Membala wobisa dzina: Zonsezo pakamodzi sindingathe. Mawa ndilikweza pa kabaza kukatchajitsa, TV tayamba taisiya. Koma pa Disembala tikagawana za banki mkhonde, ndiyambe kugula chiti, batire kapena panelo ina? Ndipo kontirola mukunenayo ndi kabokosi kotani? Kuno mawaya a panelo alamu anangowamanga pamitu ya batire.