Penti akumatuka pa geti la galivanaizi, ndiyambe ndi pulayima wanji?

Wofunsa: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ndinapangitsa geti la zitsulo za galivanaizi, mamita 4 mulitali, 2 kupita m'mwamba. Wowotcherera anandizunguza miyezi iwiri, foni osayankha. Wopenta anamubweretsa mlamu wanga, ndipo nditayamba kudandaula mlamuyo akuti ndine wovuta. Pano miyezi inayi yokha yadutsa, penti wakuda uja akusendeka ngati khungu la njoka, ukakoka ndi chala akuchoka chigamba chachikulu. Aneba akungondifunsa ngati geti ndinagula lakale. Wopenta akuti penti ndinagula ndine, vuto si lake. Ndikufuna kupentanso koma ndisatayenso ndalama. Ndigule pulayima wanji kuti penti wamba agwire?

Mmisiri wa zitsulo: Bambo, za mlamu mwafotokoza bwino, koma zofunika mwasiya. Pansi pa penti wakudayo anapaka chiyani? Pentiyo ndi wa mafuta kapena wa madzi? Nanga chitsulo chinali chatsopano chonyezimira kapena chinali chitakhalitsa panja n'kuchita phulusa? Mafunso atatu amenewa ndi amene akusankhireni pulayima, osati ife.

Wa malata: Redi okisaidi basi. Chitsulo chilichonse chimayamba ndi redi okisaidi, kenako penti wanu pamwamba.

Wopenta wakale: AYI. Musawasokoneze bambowa. Redi okisaidi ndi wa chitsulo chakuda chosakutidwa, chija chimachita dzimbiri lofiira. Galivanaizi ndi chitsulo chimene chinakutidwa ndi zinki, ndiye penti wanu sakhudza chitsulo n'komwe, amakhala pa zinki. Redi okisaidi wambiri wa m'zitini ndi wa mafuta, mtundu uja wa alikidi, chimodzimodzi penti wonyezimira amene anthu amapaka pa mageti. Mafuta a mu penti ameneyu akakumana ndi zinki, chinyezi n'kulowererapo, pakati pawo pamapangika sopo. Sindikuphiphiritsa, ndi sopo weniweni wa zinki. Tsiku lopenta zimaoneka bwino, mwezi woyamba bwino. Sopo uja akamakula, penti amakhala atagona pa chinthu choterera, ndiye amangonyamuka yense. Bambo wofunsa, tengani chigamba chimodzi mutembenuze. Ngati kuseri kwake kuli kaufa kotuwa, kapena pa chitsulo pakuterera mukapaka chala, ndipo pansi pali zinki woyera wopanda dzimbiri lofiira, matenda ndi amenewa.

Wofunsa: Ndakayang'ana. Kuseri kwa chigamba ndi kofiira, pamwamba pa kufiirako pali kaufa koyera. Chitsulo pansi chikunyezimirabe. Ndamuimbira wopenta, akuti anapukuta ndi parafini kenako redi okisaidi, mawa lake penti wa mafuta. Zitsulo zinali zatsopano.

Wopenta wakale: Mwamva a malata? Zolakwa zitatu pa geti limodzi. Parafini amasiya mafuta ake pa chitsulo. Redi okisaidi sagwirizana ndi zinki. Ndipo chitsulo chatsopano chimabwera ndi kamafuta kapena mankhwala amene kufakitale amapakapo kuti chisachite dzimbiri loyera chili m'sitolo. Mankhwala amenewo amakaniza penti kugwira, ngakhale pulayima wabwino.

Mayi wa zomangamanga: Njira yosavuta n'kumatula penti yense, geti lisiyidwe panja osapenta. Pakatha miyezi 6 mpaka chaka, mvula ndi mphepo zimachotsa mankhwala aja, zinki amasiya kunyezimira n'kukhala wotuwa, wokhakhala pang'ono. Pamenepo penti aliyense amagwira.

Wopenta wakale: Mayi, theka loyamba mwakhoza. Kusiya panja kumathandizadi, pamwamba pa zinki pamapangika kachikopa kotuwa kolimba kamene pulayima amagwirapo bwino. Koma "penti aliyense" ayi. Zinki wotuwa akadali zinki, penti wa mafuta mukamupaka mwachindunji sopo uja abwerabe, angochedwerapo. Komanso geti ili lili ndi malo owotcherera. Pamene pawotcheredwa zinki anapsa, chatsala ndi chitsulo chamaliseche. Mukalisiya chaka, m'mfundo zonse mutuluka dzimbiri lofiira.

Wa malata: Nanga bwanji anthu amatsuka malata ndi vinega asanapente, n'kumagwira?

Mmisiri wa zitsulo: Vinega ndi asidi wofooka, amalumako zinki pang'ono kuti asaterere. Koma sachotsa mafuta bwino, ndipo akauma osatsukidwa amasiya timchere timene timakoka chinyezi pansi pa penti. Sangalowe m'malo mwa pulayima. Chimene mukuchifanizira ndi madzi aja opangidwira ntchito imeneyi, ena amati tiwoshi, ena modanti. Muli fosiforiki asidi ndi kopa pang'ono. Mukapaka ndi bulashi pa zinki woyera bwino, pamada bii. Pamene sipanade ndiye kuti pakadali mafuta kapena mankhwala a kufakitale, mutsukenso. Ubwino wake ndi umenewo, amakuuzani yekha pamene mwalakwitsa. Mukatero mumatsuka ndi madzi, kuumitsa, kenako pulayima.

Wopenta wakale: Tiwoshi sapezeka paliponse. Bambo wofunsa, mverani ine. Choyamba penti yense achoke, wakuda ndi wofiira yemwe, ngakhale pamene pakuoneka kuti pagwira, chifukwa sopo ali kale pansi pake. Gwiritsani chopalira chosathwa kwambiri, pokakamira muike mankhwala ochotsera penti. GILAINDA AYI. Zinki wa pa mapepala a chitsulo ngati a geti nthawi zambiri ndi mamaikuloni 20 kapena kucheperapo mbali iliyonse, kupyapyala kuposa tsitsi limodzi. Gilainda ikangodutsa kamodzi mwachotsa chitetezo chonse chimene munalipirira. Waya wotsukira mapoto nayenso ayi, amasiya tizitsulo tating'onoting'ono timene timachita dzimbiri pansi pa penti.

Kenako tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo wamadzi wochotsa mafuta, mukukhula ndi siponji yokhakhala ya pulasitiki mpaka kunyezimira kuzilale. Ngati mukufuna sandipepa, akhale wosalala, nambala 180 mpaka 240, dzanja lopepuka. Tsukuluzani ndi madzi ambiri. Tsopano yesani: wazani madzi oyera pa chitsulo. Akamayala ngati chinsalu, payera. Akamachita timikanda n'kumathawa, mafuta akadalipo, bwerezani. Musadumphe ichi. Mageti ambiri amalephera pano, osati pa chitini cha pulayima.

Pakauma, m'malo owotcherera palani dzimbiri ndi zotsalira za moto mpaka chitsulo chiwale, mupakepo pulayima wa zinki wochuluka, pamalo pokhapo. Ndiye geti lonse echi pulayima amene pa chitini palembedwa kuti ndi wa galivanaizi. Muli asidi amene amaluma zinki n'kudzimatirira. Mupake mopyapyala kwambiri, mamaikuloni 10 mpaka 15, moti chitsulo chizionekerabe pansi. Anthu amamuunjika kuti mtundu utseke, ndiye amakhala wofooka mkati, n'kudzamatuka limodzi ndi penti. Mutsuke ndi kupaka tsiku lomwelo, zinki woyeretsedwa sadikira.

Mayi wa zomangamanga: Ine pa echi pulayima sindikugwirizana nanu, akulu. Mwanena nokha kuti ndi wopyapyala. Bambowa akufuna kupaka penti wamba wa mafuta pamwamba. Kachikopa ka mamaikuloni 10 kopakidwa ndi bulashi sikatseka paliponse, mafuta apeza polowera n'kukakhudza zinki. Kwa munthu wopenta pakhomo, pulayima wa madzi wa akiriliki wopangidwira galivanaizi ndiye wosavuta. Mulibe mafuta opanga sopo, amauma wokhuthala, ndipo mutha kupaka kawiri kuti pakhale mpanda weniweni pakati pa zinki ndi penti. Ingowerengani pa chitini ngati akulola penti wa mafuta pamwamba pake, ndi maola odikira.

Wopenta wakale: Akiriliki pa geti limene anthu akuligwira ndi kulimenyetsa tsiku lililonse? Masabata oyamba amakhala wofewa, chikhadabo chimamukanda. Echi amaluma chitsulo, akiriliki amangokhalapo.

Mayi wa zomangamanga: Amafewa masiku oyamba, inde, koma akakhwima amagwira. Ndipo echi wanuyo akapeza mankhwala a kufakitale sanachoke, salumanso kanthu.

Wopenta wakale: N'chifukwa chake ndanena za kukhula! Ndani wanena kuti apake osakhula?

Mmisiri wa zitsulo: Nonse awiri mukunena zoona, mwangogwira mbali zosiyana. Akasankha echi, pakati pa echi ndi penti wa mafuta paikidwe andakoti amene kampani yomweyo imanena, osalumpha. Akasankha akiriliki, apake kawiri. Wolimba kuposa onsewa ndi epokisi wa zitini ziwiri zosakaniza, wolembedwa kuti ndi wa galivanaizi, koma amafuna muyeso wolondola, akasakanizidwa amalimba m'maola ochepa, ndipo penti wamba mukachedwa kumupaka pamwamba pake sagwira bwino. Pa geti la pakhomo ndi ntchito yochuluka.

Wa mapaipi: Poti mwatchula galivanaizi, paipi yanga ya madzi ikudontha polumikiza, penti ameneyu angatseke?

Wopenta wakale: Achimwene yambitsani funso lanu, penti satseka paipi.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndikuganiza za akiriliki chifukwa ndipenta ndekha. Ndigule wochuluka bwanji?

Mayi wa zomangamanga: Mamita 4 kuchulukitsa ndi 2 ndi masikweya mita 8, mbali ziwiri 16, muwonjezere mafulemu ndi m'makona tinene 20. Mapulayima ambiri a madzi lita imodzi imakwana masikweya mita 8 mpaka 10, ndiye kupaka kamodzi ndi malita awiri kapena awiri ndi theka. Malita 5 akukwanirani kupaka kawiri. Nambala yeniyeni ili pa chitini. Musapente mamawa chitsulo chikadali chozizira ndi mame, komanso masana chitatentha moti dzanja silingakhalepo, pulayima amauma asanagwire. M'mphepete ndi m'makona yambani mwadutsamo ndi bulashi yaing'ono, ndi momwe penti amapyapyala.

Mmisiri wa zitsulo: Musanapente geti lonse, yesani pamalo ngati chikhatho kuseri kwake. Tsukani, pakani pulayima ndi penti monga mudzachitire, dikirani sabata. Kenako chekani ndi lezala timizere topingasana totalikirana mamilimita awiri, matani tepi yomata kwambiri, kanikizani, n'kusolola mwamphamvu. Timabokosi tikatsalira pa chitsulo, pitirizani. Tikapita ndi tepi, yang'anani pansi pake: ngati pakuoneka zinki, vuto ndi kutsuka, ngati patsala pulayima, ndiye penti ndi pulayimayo sakugwirizana. Koma kuyesa uku sikungakuuzeni za sopo uja, iye amatenga miyezi.

Wopenta wakale: Ndipo pakatha miyezi imeneyo mudzabwerenso pano mutiuze. Ine ndikadali pa echi ndi andakoti.

Wofunsa: Penti wakuda wa mafuta ananditsalira theka la chitini. Ndimugwiritse ntchito pamwamba pa akiriliki kapena ndigule wa madzi?

Mayi wa zomangamanga: Ngati chitini cha pulayima chikulola, mugwiritseni, koma pulayima ayambe wauma masiku amene alembawo. Chikapanda kunena kanthu za penti wa mafuta, gulani wa madzi wa panja, wa kampani yomweyo.