Viza ya amayi yobwera ku UK, masabata 3 aja tiwerenge kuyambira liti?

Abale anga ndithandizeni inu amene munaitanitsapo makolo kuno. Amayi anga afunsira viza yoti adzacheze kuno miyezi ingapo, fomu tinalemba pa intaneti ndalama tinalipira, kenako patadutsa sabata ndi theka ndi pomwe anapita ku Lilongwe kukadinda zala ndi kujambulitsa. Pa gov.uk analemba kuti viza ya alendo yankho limabwera m'masabata 3, ndipo mmene ndamvera ine kuwerenga kumayambira tsiku lodinda zala osati lolipira, komanso akuti ndi masiku ogwira ntchito okha 15, Loweruka ndi Lamulungu ayi. Ndiye mlongo wanga akuti nthawi yadutsa kale poti iye akuwerenga kuyambira pa lisiti, ine ndikuti kwatsala masiku. Akulondola ndani?

China, tikalowa pa akaunti yomwe tinasungitsira tsiku lija imangoonetsa kuti mapepala anatumizidwa basi, sizikusintha. Kodi pamenepo pamaoneka china chake akayamba kuunika, kapena timangodikira imelo yoti akatenge pasipoti?

Nambala ya GWF, ya pa fomu ya viza ija, ndili nayo, koma kufunsa ku UKVI, ofesi yoona za maviza a ku UK, pa imelo kapena foni kuchokera kunja n'kolipira, ndiye sindikufuna kuwononga ndalama n'kungouzidwa kuti dikirani. Inu munafunsa masiku 15 atangokwana kapena munaonjezerako sabata? Tikiti ya ndege sitinagule dala, koma mitengo ikukwera ndipo amayi akundiimbira m'mawa uliwonse.