Ma invoisi akusowa manambala, odita wafunsa, ndimuyankhe bwanji?

Anzanga a za akaunti tandithandizeni. Ndimasunga mabuku pa shopu ya zipangizo zomangira kuno ku Lilongwe ndiye odita wabwera dzulo, wangotenga mabuku athu a ma invoisi aja a kaboni nkumawerenga manambala mmodzimmodzi, wapeza kuti pa 0412 tadumphira pa 0416, atatu palibe.

Nditafufuza 0413 ndaipeza, mnyamata wa pa kauntala analakwitsa mtengo wa simenti nkulemba CANCELLED, makope onse atatu alipo, imeneyo odita sanavute. Koma 0414 ndi 0415 anachita kung'amba, kwatsala tizidutswa pa sitepulo basi. Mnyamatayo akuti kasitomala anasintha maganizo pa malata ndiye anangotaya mu bini, ine ndikumukhulupirira koma umboni ndilibe.

Odita akuti nambala yosowa kwa iye ndi katundu amene mwina anatuluka, ndalama wina nkuika mthumba osalowa mu selozi, ndiye VAT yake ya MRA sinalipidwenso. Akufuna ndimuonetse kuti sitoko ya malata tsiku limenelo ikugwirizana ndi zomwe tinagulitsa, plus ma delivale noti ndi ndalama zomwe tinabanka.

Funso langa, sitoko ikagwirizana nkulemba kalata yofotokoza abwana asainire, zimakwana? Kapena azilembabe mu lipoti lake? Abwana akuti tingolemba ma invoisi ena pa manambala omwewo, ine ndakana, pepala lake silikhala la m'buku lomwelo komanso deti ikhala yabodza. Munakumanapo nazo munatani?