Hita ikukoka 10 A, mota 8 A, koma waya wamkulu sakufika 18 A

Wofunsa: Akuluakulu, ndikupempha kuti mundithandize kumvetsa zomwe ndayeza lero. Pa waya mmodzi wa magetsi a 50 Hz ndalumikiza nthambi ziwiri, ina ya hita ndipo ina ya mota yomwe ikuzungulira ndi katundu wochepa. Mita yopanira ikuonetsa 10 A pa hita ndi 8 A pa mota, koma ndikapanira waya wamkulu ikuonetsa 15.9 A, pamene ine ndimayembekezera 18 A. Pawa fakita ya motayo ndinayeza dzulo ndipo inali 0.5. Kodi mita yanga yawonongeka, kapena pali pomwe karenti ikuthawira?

Mmisiri wa mamota: Mita yanu ilibe vuto, achimwene. Karenti ya mota imatsalira m'mbuyo mwa voteji, choncho simungaiphatikize ndi ya hita ngati mukuwerenga manambala wamba. Gwiritsani ntchito lamulo la Pythagoras: 100 kuphatikiza 64 ndi 164, ndipo sikweya ruti yake ndi 12.8 A.

Wofunsa: Zikomo akulu, koma 12.8 A yatalikirana kwambiri ndi 15.9 A yomwe ndikuona, kuposanso 18 A yanga ija.

Mphunzitsi wa zamagetsi: Bambo a mamota anena zoona kuti karenti ya mota imatsalira, koma lamulo la Pythagoras likanagwira ntchito mwachindunji zikanakhala kuti yatsalira ndi madigiri 90 enieni, ndipo pano sizili choncho. Pawa fakita ya 0.5 ikutanthauza madigiri 60, chifukwa cos 60° ndi 0.5, pamene karenti ya hita imayendera limodzi ndi voteji. Pa 50 Hz funde limodzi limatha m'mamilisekondi 20, motero karenti ya mota imafika pachimake patapita mamilisekondi 3.3 kuchokera pamene ya hita yafika pachimake pake. Pa nthawi imeneyo ya hita imakhala itatsika kale kufika theka, n'chifukwa chake 18 A simungaione.

Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi yojambula, chifukwa imaonetsa msanga ngati yankho ndi lomveka. Lingalirani funde lililonse ngati muvi womwe tsinde lake lakhomedwa pamalo amodzi, ndipo ukuzungulira maulendo 50 pa sekondi mosemphana ndi mivi ya wotchi. Msinkhu wa nsonga yake pamwamba pa mzere wogona ndiwo kukula kwa karenti pa kamphindi kameneko. Popeza mivi iwiriyi ikuzungulira pa liwiro limodzi, ngodya ya pakati pake sisintha, choncho tikhoza kuiimitsa pomwe tafuna n'kuijambula. Tengani pepala la galafu, ndipo sentimita imodzi iimire ampeya imodzi. Jambulani muvi wa hita wa masentimita 10 wogona, wolozera kumanja. Kuchokera pa nsonga yake jambulani muvi wa mota wa masentimita 8, wopendekera pansi ndi madigiri 60 kuchokera pa mzere wogona. Ukulozera pansi chifukwa muvi wotsalira umakhala kumbuyo kwa unzake pa kuzungulirako. Kenako lumikizani tsinde la muvi woyamba ndi nsonga ya wachiwiri. Rula idzakupatsani masentimita pafupifupi 15.6, ndipo muvi watsopanowo udzapendekera pansi ndi madigiri pafupifupi 26.

Mukafuna manambala olondola kuposa a rula, gawani muvi uliwonse m'mbali yogona ndi mbali yoimirira, kenako muphatikize zogona pazokha ndi zoimirira pazokha.

```
x = 10 + 8 cos 60° = 14
y = 0 - 8 sin 60° = -6.93
I = √(14² + 6.93²) = 15.6 A
φ = arctan(-6.93 / 14) = -26.3°
```

Apa ndi pomwe Pythagoras akulowera, chifukwa x ndi y ndi zomwe zimapangadi ngodya ya madigiri 90.

Wofunsa: Ndajambula, aphunzitsi, ndipo ndapeza masentimita 15.6 monga mwanenera. Koma chandisokoneza n'chakuti mwati msinkhu wa muvi ndi karenti ya pa kamphindi, pamene manambala a mita yanga ndi a RMS, osati a pachimake.

Mphunzitsi wa zamagetsi: Mwafunsa bwino, ndipo ndinayenera kulongosola zimenezi poyamba. Kuti msinkhu uimire karenti ya pa kamphindi, mivi iyenera kukhala ya pachimake, kutanthauza 14.14 A ya hita ndi 11.31 A ya mota. Koma manambala onsewa angochulukitsidwa ndi 1.414, choncho chithunzicho chimangokula popanda kusintha maonekedwe, ndipo yankho limakhala 22.1 A, yomwe ndi 15.6 A yomwe ija m'RMS. Cholakwika n'kusakaniza mitundu iwiriyi pa chithunzi chimodzi, monga kutenga nambala ina pa osilosikopu ndi ina pa mita. Mukhoza kutsimikizira yankho pa kamphindi kamodzi. Muvi wa hita ukaima chilili, karenti yake ndi 14.14 A, ndipo wa mota umakhala pa madigiri 30, pomwe msinkhu wake ndi 5.66 A. Zonse pamodzi ndi 19.8 A. Muvi wophatikiza umakhala pa madigiri 63.7, ndipo 22.1 kuchulukitsa ndi sin 63.7° ikupereka 19.8 A yomweyo.

Wokonza majenereta: Ine ndinayesapo njira imeneyi pamene ndinkafuna kudziwa voteji ya pakati pa majenereta awiri ndisanawalumikize, koma sinandithandize, chifukwa mita inkangokwera ndi kutsika osakhazikika. Wina anali pa 50 Hz, wina pa 50.5 Hz.

Mphunzitsi wa zamagetsi: Nkhani yanu ndi ina, bambo, ngakhale ikutionetsa malire a njirayi. Mivi yanu siinkazungulira pa liwiro limodzi, motero wina unkapitirira unzake ulendo umodzi pa masekondi awiri aliwonse, ndipo mtunda wa pakati pa nsonga zake unkakula ndi kuchepa pa nthawi yomweyo. Chithunzi choimitsidwa chimapereka yankho limodzi pokhapokha frikwensi ikakhala yofanana, monga zilili kwa mnzathuyu amene nthambi zake zonse zili pa waya mmodzi.

Mmisiri wa mamota: Ndavomera kuti ndinafulumira ndi madigiri 90. Komabe masamu akuti 15.6 A pamene mita ikuti 15.9 A, ndipo ine ndikuganiza kuti kusiyanako kukuchokera ku mota. Pawa fakita ya mota imakwera katundu akachuluka, choncho 0.5 ya dzulo siingakhale ya lero. Ndabwerera m'mbuyo ndi 15.9 A, ndipo ndapeza kuti ngodya ya madigiri 56 m'malo mwa 60 ikukwanira kufotokoza zonse.

Mphunzitsi wa zamagetsi: Masamu anu ndi olondola, koma sindingathamangire kuweruza motayo. Kusiyana kwa 0.3 A ndi pafupifupi magawo 2 pa 100, ndipo mamita ambiri opanira amaloledwa kuphonya motero, makamaka waya akakhala kuti sali pakati pa chopaniracho. Ndikufunanso kudziwa ngati hitayo ili ndi chowongolera kutentha chomwe chimadula funde, chifukwa karenti yotero siingaimiridwe ndi muvi umodzi.

Wofunsa: Hitayo ilibe chowongolera chotero, ili ndi switchi yokha. Mawa ndiyeza pawa fakita ya mota ndi karenti zitatuzo motsatizana, katundu asanasinthe, ndipo ndidzaika waya pakati penipeni pa chopanira. Ngati ngodya idzatuluke pafupi ndi madigiri 56, ndidzajambulanso chithunzicho ndi ngodya imeneyo.